Mbewa ya manyazi inafera ku una

Mwana wanga, buku walemba ndithu, osindikiza alilandira, ndipo tsopano akuti utumize mawu ochepa ofotokoza za iwe oti akaike kuseri kwa chikuto. Apa ndiye ambiri amauma pakamwa. Amene adzaza masamba mazana awiri amalephera mizere isanu, ati poti alibe buku lina loti atchule. Akuluakulu adati mbewa ya manyazi inafera ku una.

Woimirira m'sitolo ya mabuku akatembenuza buku lako safuna kuwerenga mabuku amene udalemba kale. Funso lake ndi limodzi: kodi ameneyu nkhaniyi akuidziwira kuti? Samuel Josia Nthara potulutsa Nthondo mu 1933 adali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, wokulira m'midzi yomwe ankailembayo. Legson Kayira potulutsa buku lake loyamba mu 1965 chomwe adali nacho ndi ulendo wapansi wochoka ku Nyasaland kukafika ku Khartoum pofunafuna maphunziro. Chowayenereza chidali moyo wawo womwewo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Tiyerekeze kuti wolemba ndi mzamba, ndipo buku lake ndi nthano ya mtsikana wodikira kuchira pa chipatala cha kumudzi. Poyamba alemba chonchi: "Ine ndinabadwa m'banja la ana asanu ndi awiri. Ndinaphunzira pulayimale, sekondale ndi koleji. Ndimakonda kuwerenga, kuimba kwaya ndi kuonera mpira. Ngakhale sindine katswiri ndipo sindinalembepo buku, ndayesetsa, choncho mundikhululukire polakwika."

Taona mmene wadzipwetekera. Za pulayimale, kwaya ndi mpira ndi zoona, koma sizikukhudzana ndi mtsikana wa m'bukulo. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Choipitsitsa ndi kupepesa kwa kumapetoko. Pamaso pa akulu kudzichepetsa ndi ulemu, koma pachikuto ndiye kuuza wogula kuti abweze buku pashelefu. Ndipo chinthu chimodzi chofunika, uzamba uja, sadachitchule n'komwe!

Tsono tikonze: "Mayi Uje ndi mzamba amene wagwira ntchito zaka zoposa khumi m'zipatala zazing'ono za m'boma la Ntchisi. Nkhaniyi idamera m'macheza a usiku a amayi odikira kuchira, amene iye wakhala akuwamvetsera. Amakhala ku Mponela ndi banja lake. Ili ndi buku lake loyamba."

Mawu sadafike ngakhale 50, koma zonse zilimo. Dzina lili patsogolo, monga momwe lalembedwera pachikuto. Pambuyo pake pakubwera chomwe chikumulumikiza ndi nkhaniyo, ndipo ichi ndicho chatenga malo ambiri. Kenaka kumene amakhala, mwachidule. Chiganizo chomalizacho chikunena poyera zomwe ankachita nazo manyazi zija, popanda "ngakhale" kapena "komabe". Owerenga ena amachita kukondwa kuti agwira dzina latsopano anzawo asanalimve. Waonanso kuti tasiya "ine" n'kunena "iye". Ndiwo mwambo wa pachikuto, chifukwa mawuwo amamveka ngati akuchokera kwa osindikiza. Osindikiza akakupatsa malire a mawu, usapyole. Ukapyola adula okha, ndipo akhoza kudula pomwe pali mnofu.

Palinso ena amene manyazi amawatembenuza kukhala odzikweza. Amalemba kuti "mlembi wotchuka", kapena "wopata mphoto zambiri" pamene mphotoyo ndi imodzi ya ku sekondale. Usatero. Dziko lathu ndi laling'ono, ndipo bukulo lidzafika m'manja mwa amene mudakhala naye desiki imodzi. Ngati ndakatulo yako idatulukapo m'nyuzipepala kapena sewero lako lidamvekapo pa wailesi, tchula dzina la nyuzipepalayo kapena wailesiyo basi, osathira mchere. Ngati palibe, palibe. Digiri itchule pokhapokha ikukhudza nkhaniyo: wolemba za matenda a chimanga anene kuti adaphunzira zaulimi ku Bunda, koma wolemba nthano za chikondi digiri imeneyo aisiye m'sutikesi.

Kumbukanso kuti buku limakhala zaka, pamene zina za iwe zimasintha chaka chisanathe. Zaka zako zakubadwa, chiwerengero cha ana, nambala ya foni, lonjezo loti buku lachiwiri lituluka posachedwa, zonsezi zimasasa msanga, ndipo sungazifufute m'mabuku amene adagulidwa kale.

Ukamaliza, mutu umodzi susenza denga. Usapatse mayi ako, iwo ayamikira chilichonse. Patsa munthu wosakudziwa, awerenge kamodzi, ubise pepalalo, umufunse kuti wolembayu ndani ndipo nkhaniyi akuidziwira kuti. Akayankha kuti "ndi mzamba uja wa ku Ntchisi", tumiza. Akakanda mutu n'kutchula za kwaya, khalanso pansi udule.