Botolo la mtundu wowala silingalime mzere

Zikuseketsa kuona kuti masiku ano mnyamata akathamanga kawiri kuzungulira bwalo la mpira pa Nkhamenya, amafuna botolo la chakumwa cha othamanga, lobiriwira kapena lofiira, ngati la osewera a pa kanema. Pomwepo, m'minda ya kwa Kaluluma, bambo ake akhala akukweza mizere ya fodya kuyambira mbandakucha padzuwa la Okutobala, ali ndi kachigubu kamodzi ka madzi ofunda. Wofunika kumudera nkhawa ndi uyo wa khasuyo, ndipo naye mankhwala ake sali mufiriji ya m'golosale.

Chakumwachi ndi madzi, shuga ndi kamchere, basi. Chinatchuka kuchokera mu 1965, pamene Robert Cade ndi anzake a pa yunivesite ya Florida anapangira osewera mpira Gatorade. Mu lita imodzi mumakhala shuga wokwana magalamu pafupifupi 60 ndi mchere wongopitirira galamu imodzi. Munthu wothamanga kosakwana ola sanataye zambiri zoti n'kubwezera mwachangu: madzi a pamjigo amukwanira, mchere adzaupeza m'ndiwo. Akamwa botolo la theka la lita wameza masupuni aang'ono asanu ndi awiri a shuga, mwinanso wabweza zonse zimene amati akuwotcha. Enanso amasokoneza ndi zakumwa zija amati zopatsa mphamvu. Zimenezo n'zina: zili ndi kafini ndi shuga wochuluka koposa, zimathamangitsa mtima, ndipo padzuwa sizoyenera.

Nanga wolima maola asanu ndi limodzi? Apa otsatsa malonda ali ndi mfundo, tisawakanire. Pantchito yolemetsa kukatentha, munthu amatha kutuluka thukuta lita imodzi pa ola, ena kuposa apo, ndipo lita iliyonse imapita ndi mchere wa magalamu awiri kapena kuposerapo, ngakhale wozolowera dzuwa amataya wocheperako. Pofika 11 koloko, malita 6 apita pamodzi ndi mchere wa magalamu 12, masupuni aang'ono awiri. Mizere yoyera ija imatsala pamalaya thukuta likauma ndi mchere womwewo. Wotereyu akamangogugudiza madzi okha tsiku lonse wosadya kanthu, mchere wa m'magazi umasungunuka: mutu kuwawa, nseru, kusokonezeka, nthawi zina mpaka kukomoka.

Koma tiwerengere bwino. Kuti abweze malita 6 ndi chakumwa chogulacho, afunika mabotolo 12 a theka la lita. Amenewo amupatsa shuga magalamu 360, koma mchere ndi theka chabe la umene wataya. Ndi tenanti uti, woyembekezera malipiro fodya akagulitsidwa ku Chinkhoma, angagule mabotolo 12 patsiku? Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Pamphuno pathu pali nsima ya ndiwo zothira mchere, usipa, mtedza wokazinga ndi thobwa, limene limabweretsa madzi ndi mphamvu limodzi. Chimene thobwa lilibe mokwanira ndi mchere, n'chifukwa chake liyende ndi chakudya.

Kamwedwe n'kofunika kuposa mtundu wa chakumwa. Akatswiri a zaumoyo wa apantchito amalangiza kapu imodzi mphindi 15 kapena 20 zilizonse, osapitirira lita ndi theka pa ola. Mkodzo ndiye mboni: ukachepa n'kuda ngati tiyi, madzi aperewera. Ngati chakudya chachedwa ndipo thukuta likupitirira, sakanizani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita ya madzi aukhondo, kapena paketi ya Thanzi ORS, muzimwa mosinthanitsa ndi madzi. Odwala BP, shuga kapena impso afunse kaye kuchipatala. Ndipo si chizungulire chilichonse chomwe ndi ludzu: wothyola fodya wonyowa ndi mame amalowedwa chikonga kudzera pakhungu, n'kumasanza. Ameneyo avule zonyowazo ndi kusamba, botolo silimuchiza.

Dandaulo langa lakale lili pa eni minda. Ku Nicaragua ndi ku El Salvador odula nzimbe ambiri afa ndi matenda a impso omwe ofufuza amawagwirizanitsa ndi kugwira ntchito pamoto wa dzuwa, ndipo chomwe chathandiza kumeneko ndi madzi, mpumulo ndi mthunzi. Kuno mwini munda amatunga madzi m'mawa ndi madzulo kuthirira nazale, koma waganyu aziyenda mtunda kukasaka akumwa, akapuma n'kumutcha waulesi. Inu olemba anthu ntchito kwa Kaluluma, ikani mgolo wa madzi aukhondo pamutu pa munda, mulole anthu apume pamthunzi ola lililonse, ndipo nsima ifike isanakwane 12 koloko. Wina akayamba kulankhula zosamveka kapena kudzandira, muthireni madzi thupi lonse ndipo muthamangire naye kuchipatala.