Za Chuma cha Pakhomo: Imelo yopempha chipukutamisozi katundu akaonongeka ndi madzi

Amene muli ndi magolosale pa Liwonde, pa Ulongwe, pa Ntaja kapena m'tauni ya Balaka mukukumbukira bwino namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023. Chiyambire nthawi imeneyo, amalonda ena anayamba kulipira inshulansi ya katundu wawo. Koma tsiku la ngozi likafika, kampani silipira chifukwa chakuti yamva chisoni. Imalipira zimene mwasonyeza ndi umboni, ndipo masiku ano umboniwo kawirikawiri umapita pa imelo.

Tiyerekeze mayi wina amene ali ndi golosale pa Liwonde, kufupi ndi mtsinje wa Shire. Mvula yagwa usiku wonse, ndipo m'mawa wapeza madzi alowa m'sitolo mpaka m'mawondo. Shuga wasungunuka, mpunga ndi ufa zanyowa, makatoni a sopo aphwasuka.

Asanakolope, mayiyu ajambule zithunzi. Ajambule khoma pamene paonekera mzere wa matope, chifukwa mzerewo ukunena msinkhu umene madzi anafika. Ajambule matumba ali pamene anali, kenako mtundu uliwonse wa katundu pawokha. Akatero asamutse katundu amene sananyowe n'kumuika pouma, pakuti pangano la inshulansi limafuna kuti mwini wake ayesetse kuchepetsa chionongeko.

Zakudya zimene zakhudzidwa ndi madzi osefukira siziyenera kugulitsidwa kapena kudyedwa, ngakhale zitayanikidwa, chifukwa madziwo amakhala atadutsa m'zimbudzi. Komabe asafulumire kuzitaya. Aziunjike padera, kutali ndi ana ndi ziweto, mpaka munthu wodzaona chionongeko atafika. Ngati zayamba kununkha, apemphe kampani chilolezo cholembedwa, ndipo apemphenso wa zaumoyo wa m'deralo kuti aone ndi kulemba kalata zisanakwiriridwe.

Imelo yoyamba ipite tsiku lomwelo kapena mawa lake. Mapangano ambiri amafuna kuti kampani idziwitsidwe mwamsanga, ndipo amaika masiku owerengeka operekera tsatanetsatane. Masikuwo alembedwa m'chikalata chanu, choncho chiwerengeni lero, kunja kukadali bata. Kuimbira foni wothandizira amene anakugulitsani inshulansi n'kwabwino, koma mawu a pafoni sasiya mapazi. Imelo imasunga tsiku ndi ola.

Pa mutu wa imeloyo mayiyu alembe nambala ya pangano lake, dzina la golosale ndi tsiku la ngozi. M'kati mwake anene zinthu zochepa: malo a sitolo, nthawi imene madzi analowa, mitundu ya katundu woonongeka, ndi nambala ya foni yake. Apemphe fomu yodzaza ndi nambala ya pempho lake, ndipo afunse tsiku limene wodzaona chionongeko adzabwere. Ngati atchula ndalama, anene kuti n'zongoyerekeza, mndandanda weniweni ukubwera. Atumize ku adiresi imene ili pachikalata cha kampani, n'kupatsirako wothandizira uja. Akapanda kuyankhidwa pakatha masiku awiri, aimbe foni n'kufunsa ngati yafika.

Imelo yachiwiri ndi imene imanyamula ndalama. Iyi ipite poyankha pa imelo yoyamba ija, kuti nkhani yonse ikhale pamzere umodzi. Mukhale fomu yodzaza, zithunzi, malisiti a kumene amaoda, ndi mndandanda wa katundu. Mzere uliwonse wa mndandandawo unene dzina la katundu, kuchuluka kwake ndi mtengo umene anaodera. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa, chifukwa amalemba mtengo wogulitsira. Inshulansi ya katundu wa m'sitolo imabweza mtengo woodera, osati phindu limene munkayembekezera. Ngati ngoziyo ndi ya moto, kampani imafunanso lipoti la apolisi.

Zithunzi ndi malisiti zioneke bwino. Chithunzi chimene chadutsa pa WhatsApp chimafika chitachepetsedwa, ndipo manambala a pa lisiti amavuta kuwerenga. Tumizani chochokera m'foni imene inajambula. Gmail salola zomata zopitirira 25 MB pa imelo imodzi, choncho zikachuluka zigaweni, n'kulemba kuti iyi ndi yoyamba mwa zitatu. Mukatumiza, onani mu Sent kuti yapitadi, pakuti netiweki ikavuta imelo imatha kutsakamira m'foni inu mukuyesa yafika.

Tsopano tione masamu a mayi wathu, ndi ndalama zongopereka chitsanzo. Kampani idzafuna kudziwa katundu yense amene anali m'sitolo usiku wa ngozi, osati woonongeka yekha. Powerengera komaliza, anali ndi katundu wa K7,000,000. Kuchokera apo anaoda wa K3,000,000, ndipo anagulitsa katundu amene anamuoda pa K2,000,000. Ndiye kuti madzi anapeza katundu wa K8,000,000. Woonongeka ndi wa K2,000,000.

Mayiyu akuyembekezera K2,000,000, koma polembetsa inshulansi ananena kuti katundu wake ndi wa K6,000,000. Mapangano ambiri a mtundu uwu ali ndi lamulo lotchedwa avereji. Lamuloli limati ngati munateteza gawo chabe la katundu wanu, mudzalandiranso gawo lomwelo la chionongeko. Iye anateteza magawo 6 mwa 8, choncho pa K2,000,000 kampani iwerengera K1,500,000. Pamenepo ichotsaponso ndalama yoyamba imene pangano limati mwini katundu adzisenzere yekha. Ikakhala K150,000, mayiyu alandira K1,350,000.

Sikuti anabisa kanthu. Mitengo ndi imene inamuthawa. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100, ndipo mashelufu omwewo, odzaza chimodzimodzi, anayamba kusunga katundu wa ndalama zambiri. Amene sanakweze ndalama yolembedwa pachikalata anatsala ndi chitetezo choperewera osadziwa.

Ena poona zimenezi amafuna kuwonjezera matumba pa mndandanda kuti abweze chimene chadulidwa. Musayese. Wodzaona chionongeko amafananitsa mndandanda ndi malisiti, zithunzi ndi kukula kwa chipinda, ndipo bodza likapezeka pa mzere umodzi, kampani ili ndi mphamvu yokana pempho lonse.

Pali zinthu ziwiri zina zoti muone m'chikalata. Choyamba, inshulansi ya moto siiteteza ku madzi osefukira pokhapokha ngati zimenezo zinalembedwamo. Chachiwiri, mapangano ena amafuna kuti katundu azikhala pa matabwa, osati pansi penipeni, ndipo thumba limene linali pa simenti likhoza kukanidwa.

Kampani ikakana kapena ikadula ndalama, pemphani kuti ifotokoze chifukwa chake polemba, ndi kutchula ndime ya pangano imene yatsatira. Musasaine chikalata chovomereza ndalama musanamvetse masamu ake. Mukadandaula ku kampaniko koma osathandizidwa, nkhani ikhoza kupita ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira makampani a inshulansi, ndipo kumeneko mzere wa maimelo uja ndi umene udzakulankhulireni.

Madzi amene amanyowetsa shuga amanyowetsanso kope la malonda. Choncho mwezi uno, mukamaliza kuwerengera katundu, jambulani tsamba la kopelo pamodzi ndi malisiti, n'kudzitumizira nokha pa imelo. Kenako fananitsani chiwerengero chimene mwapeza ndi chimene chili pachikalata cha inshulansi. Ngati zasiyana, lemberani kampani mvula isanayambe.