Agogo a ku Mtenguleni salankhula ngati buku la Giredi 7

Masewero ambiri amene timalemba kuno ku Chipata, a pa wailesi, a kutchalitchi ndi a kusukulu, ali ndi nthenda imodzi: anthu asanu pabwalo, koma pakamwa pamodzi. Gogo wachingoni, mnyamata wobwera ku Lusaka ndi wamalonda wa ku Mchinji, onse akuti "sindikudziwa" ndi "tsopano", ngati anakhala pa desiki imodzi. Chikhalirecho pamsika wa Kapata timamva "niziŵa lini" kwa Mngoni ndi Mnsenga, "siniziba" kwa wa ku Lusaka, "nkhumanya yayi" kwa wa ku Lundazi. Makutu athu amadziwa zimenezi. Cholembera ndicho chimachita mantha.

Tiyeni tigwire chitsanzo chimodzi. Gogo wabwera ndi nshawa kumsika, wogula akufuna meda pa K50, ndipo mdzukulu akufulumira kukakwera basi. Wolemba waulesi amalemba motere:

Gogo: Sindifuna kugulitsa pa mtengo umenewo.
Mdzukulu: Agogo, landirani ndalamazo chifukwa tachedwa.
Wogula: Sindingawonjezere chifukwa ulendo ndi wautali.

Bisani maina ndi chala, muwerenge mokweza. Mukadziwa wolankhula, mwamudziwira pa nkhani yake chabe, osati pa mawu ake. Tsopano tilembenso:

Gogo: Nifuna lini. Nenze nekha polima, mwana wangu.
Mdzukulu: Manje mufuna zingati kansi? Bakamba ati fifite, tengani chabe tiyende.
Wogula: Pepani mayi, tandimverani kaye. Mtedzawu ndi wabwino ndithu, komatu kuti ndikafike nawo pa Mwami ndilipiranso galimoto.

Mawu asintha, inde: "lini", "manje", nshawa yasanduka mtedza pakamwa pa munthu wa ku Malawi. Koma chachikulu ndi kakanidwe. Gogo sanatchule mtengo n'komwe. Wakana mwachidule, n'kukumbutsa thukuta lake, chifukwa wamkulu sachita kudzifotokoza kwa ana. Mdzukulu akudula ziganizo, maso ali kusiteshoni, komabe akuti "mufuna", "tengani". Tauni yamusintha lilime, sinamuchotse ulemu. Wogula ndiye wautali mawu, akuyamba ndi kupepesa ndi kuyamikira katundu, popeza ndi mlendo ndipo akufuna kuchotsa mtengo osakhumudwitsa munthu. Choncho tisanasinthe liwu lililonse, tifunse: uyu akufuna chiyani, ndipo akuopa ndani pabwaloli?

Apa ndipo timakangana ndi anzathu ena amene amati nthendayi anaichiza kale. Mankhwala awo ndi kuwaza "lini" pa chiganizo chilichonse cha gogo, ngati mchere wa mwana wophunzira kuphika, kuti anthu aseke. Taonani amene amapatsidwa Chinsenga m'masewero otere: chidakwa, wantchito wa m'nyumba, munthu wosochera m'tauni. Nesi, mphunzitsi ndi m'busa amalankhula Chichewa choyera. Kumeneko si kusiyanitsa mawu, ndi kuuza mwana wa ku Petauke kuti chilankhulo cha amayi ake n'cha zitsiru. Mpatseni nesi "muli tyani", ndipo nthabwala ichokere pa zochita, osati pa mtundu. Ndiponso munthu weniweni sakhala ndi kalankhulidwe kamodzi. Nesi yemweyo akamba Chingerezi ndi dokotala, Chinyanja cha m'tauni ndi mnzake, Chinsenga ndi gogo wodwala. Mphindi imene wasinthira lilime imatiuza kuti mtima wake wapita kwa ndani.

Chibale nachonso chimalamula pakamwa. Kondakitala wachibemba angathe kuuza gogo uja kuti afulumire, mbewa zake sizithawa, gogo n'kumubwezera za anyani, basi yonse n'kuseka. Chimenecho ndi chimbuya cha Angoni ndi Abemba. Ikani mawu omwewo pakamwa pa mdzukulu, asanduka mwano, ndipo omvera adikira kuti akwapulidwe.

Ena amati omvera sadzamva. Omvera ati? Amene amagula ndi kugulitsa m'zilankhulo zonsezi tsiku ndi tsiku? Julius Chongo ankakhala yekha pa maikolofoni mu Poceza M'madzulo, koma tinkamva khamu la anthu, ndipo palibe ankafunsa kuti walankhula ndani. Chinyanja cha m'buku chili ndi malo ake: mayeso, ndi mawu a wofotokoza nkhani. Malire enieni ndi akuti liwu limene nkhani yonse yatsamirapo limveke kwa onse, kapena wina alibwereze poyankha. Gogo akati "lomba", mdzukulu ayankhe kuti "Manje manje?"

Ndipo ngati wolemba ndi Mchewa wa ku Katete, mizere ya gogo apite nayo kwa mayi wa ku Mtenguleni, aiwerenge mokweza. Pamene mayiyo wakwinya nkhope, afunse kuti "Inu mukananena bwanji?", afufute zake, alembe zimene wamva.