K500 yolowa molakwika si dalitso

Foni yalira, mwalowa K500 yocokera kwa munthu amene simum'dziwa. Analakwitsa nambala imodzi cabe. Anzathu ambiri amathamangira kwa ajenti kukatapa, akumati, "Sin'nabe, zabwera zokha."

Ine ndikuti kumeneko n'kuba. Gawo 265 la Penal Code ya Zambia silinena za kutenga kokha, linenanso za kusandutsa cinthu ca mwini kukhala cako mwacinyengo. Pamene ndalamayo inalowa munalibe mlandu. Mlandu uyamba pomwe mwaona dzina lacilendo pa meseji, mwadziwa kuti si yanu, koma mwaitapa n'kugula mabando, mwini akuimba inu osayankha.

"Ndidzabweza pakutha kwa mwezi" sikupulumutsani. Pa nkhani ya ndalama, lamulolo liti kuigwiritsa nchito mmene mufunira ndi cinyengo ndithu, ngakhale muli ndi maganizo obweza. Wotola cinthu amakhululukidwa ngati sadziwa mwini ndipo ali ndi cifukwa comveka cokhulupirira kuti sangapezeke. Nanga apa, nambala yake ili m'manja mwanu?

Koma osabweza mothamanga, pakuti akawalala amatumanso mameseji abodza otere. Yambani mwaona balansi. Ngati yakweradi, imbirani kampani ya netiweki ibweze yokha ndalamayo kumene inacokera.