Gemu Siiona Minibasi

Pali bodza limene osewela Pokémon GO na magemu ena oyenda nawo panja amauzana, ati foni iona kumene uyenda. Poti pa sikilini pali mapu, kamunthu kako kayenda iwe ukayenda, ndipo kamela ionetsa mseu weniweni kacilombo katakhala pakati pake, mtima umagona. Umayamba kukhulupilila kuti gemu ikakuonetsa cinthu tsidya lija la mseu, ndiye kuti njila yokafikako ilipo ndipo ni yabwino. Ine nikana. Cimene gemu idziwa za iwe ni manambala awili oonetsa pamene waima pa dziko, ndipo na amenewo iwadziwa mongoyelekeza. Mfolo wosatseka, minibasi yothawa mzele n'kukwela m'njila ya oyenda pansi, mnyamata amene wakhala akuyang'ana foni yako ali pa kantemba, zonsezi mu gemu mulibe.

Tiyambe na GPS. Kumwamba, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, kuli masetilaiti pafupifupi 30 amene amazungulila dziko. Iliyonse imalengeza kosalekeza pamene ili komanso nthawi imene yatumiza uthengawo. Foni yako siiyankha, imangomvetsela. Imaona nthawi imene uthenga watenga kuti ufike, n'kupeza kutalika kwa pakati pa iwe na setilaiti. Ikamva masetilaiti anayi kapena kuposa, imatha kuwelengela pamene uli. Kumvetsela kumeneku sikudya bando. Cimene cimadya bando ni mapu na zinthu za gemu zimene zimabwela pa intaneti.

Vuto lili pa liwilo. Uthenga wa setilaiti umathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, conco kucedwa kocepa kwambili kumakhala mtunda waukulu. Ukagawa sekondi m'tizigawo wani miliyoni, kacigawo kamodzi kokha ni mamita 300. Pabwalo loyela, pamene thambo lonse lioneka, foni imaphonya na mamita pafupifupi 5. Koma ukaima pakati pa mipanda itali-itali na malata a mu komboni, kapena m'munsi mwa nyumba zosanja za mu tauni, uthenga suubwela molunjika. Umagunda khoma kapena denga, n'kufika kwa iwe mozungulila, wocedwa pang'ono. Foni imaganiza kuti setilaiti ili patali kuposa pamene ilili, ndipo imakuika pamalo ena. Apa ingaphonye na mamita makumi angapo.

Cizindikilo cake ucidziwa kale. Waima cabe, koma kamunthu kako kayenda kokha, kadutsa mu nyumba ya eni ake, kabwelelanso. Nthawi zina gemu imalemba `GPS signal not found`. Manje dzifunse: makina amene angakuike tsidya lina la mseu iwe uli tsidya lino, ungawadalile kuti akuuze poponda phazi? Mfolo ni wa mita imodzi kapena awili m'lifupi. Ngakhale pa tsiku limene GPS igwila bwino koposa, kuphonya kwake n'kokulilapo kuposa mfolo wonsewo.

Nanga malo amene gemu ikuitanila, ma PokéStop na ma Gym, anasankha ndani? Ambili oyamba anacokela ku Ingress, gemu ina imene inapangidwa na kampani imodzimodziyo ya Niantic, kumene osewela anali kutumiza zithunzi za zipilala, machalichi na zojambula za pa makoma. Mpaka lelo osewela ndiwo amapeleka malo atsopano, ndipo osewela anzawo amawavomeleza poona cithunzi na mapu. Lamulo lawo limati malowo akhale ofikika bwino kwa woyenda pansi, zimenezo n'zoona. Koma cithunzi cimajambulidwa tsiku limodzi, kawili-kawili masana, dzuwa lili phwee. Wovomeleza sadziwa kuti mu Febuluwale pamalopo pamakhala dziwe, kapena kuti malaiti akazima pamasonkhana majanki. Pa sikilini malo aja amawala mofanana usana na usiku, cilimwe na dzinja.

Kamela ndiye imanamiza kwambili. Ukayatsa AR, gemu imatenga cimene kamela iona n'kuciika kumbuyo monga nsalu, kenako imajambula kacilombo pamwamba pake. Mkati mwa foni muli kacipangizo komva kupendekeka na kutembenuka kwa dzanja, ndipo n'kamene kamathandiza kuti kacilomboko kaoneke monga kakhala pamalo amodzi. Mafoni ena ochipa alibe kacipangizoka, n'cifukwa cake AR imawakana. Pa mafoni amphamvu gemu imafufuza pamalo osalala, monga pansi kapena pa tebulo, kuti iikepo kacilombo. Kwa iyo, phula la pakati pa mseu ni malo abwino osalala monga khonde la kwanu. Nchito yoyang'ana motoka siinapatsidwe.

Ndipo kamela imakulanda maso. Maso ako awili amaona pafupifupi hafu yonse ya cizungulilo, kucokela ku phewa lamanzele mpaka ku phewa lamanja, ndipo cinthu cikagwedezeka m'mbali umacimva usanaciyang'ane n'komwe. Kamela yaikulu ya foni imaona cosakwana hafu ya zimenezo. Cobwela cam'mbali, njinga, wilibala kapena dzanja la kawalala, cimalowa pa sikilini citafika kale pa iwe. Mu Julayi 2016, mwezi umene gemuyi inatuluka, amuna awili ku Encinitas, m'boma la California ku Amelika, anagwa pa phompho la m'mbali mwa nyanja akusewela. Phompho linalipo kale, maso awo ndiwo anali kwina. Ukazima AR, Pokémon umagwila cimodzimodzi, batile imakhalitsa, ndipo foni siifunikanso kuinyamula m'mwamba monga uitsatsa malonda.

Tiyeni tiwelenge nkhani imodzi mpaka kumapeto. Tinene kuti uli m'mbali mwa mseu waukulu wa mizele inayi, wonga wa Lumumba mu Lusaka, ndipo PokéStop ili tsidya lija. Tiyelekeze kuti mseuwo pamodzi na cilumba ca pakati ni mamita 25, ndipo cinthuco cili mamita 15 kupitilila mseu. Pamodzi ni mamita 40. PokéStop imatseguka ukakhala mkati mwa mamita 80. Conco ukaima moyang'anana nayo, uli tsidya lino, wafika kale ndipo kwatsala mamita 40 ena. Ngakhale GPS ikuphonye na mamita 20 kukukankhila kumbuyo, ukali mkati. Ungayende m'mbali mwa mseu mamita opitilila 60 kucoka pamene wayang'anana nayo, idzatsegukabe ngati GPS siiphonya kwambili.

Ngati siitseguka, mankhwala ake si kuwoloka. Yenda tsidya lako lomwelo mpaka uyang'anane nayo. Coka pafupi na khoma kapena pansi pa malata, uime pamene thambo lioneka, koma kutali na phula. Yembekeza pang'ono kuti kamunthu kako kakhazikike. Ikakana ndithu, isiye, mawa idzakhala pomwepo. Manje yelekeza na mtengo wa kuwoloka maso ali pa foni. Motoka yothamanga makilomita 60 pa ola imadya mamita pafupifupi 17 pa sekondi iliyonse. Masekondi atatu oponya mpila pa sikilini ni mamita 50. Motoka imene unaiona ili patali usanawelame, pamene uwelamuka ili pa iwe.

Mamita 80 amenewa ali na mbili yake, ndipo mbiliyo ionetsa amene amaganizila citetezo cako. Poyamba anali 40. Kampani inawawonjezela mu 2020 cifukwa ca kolona. Mu Ogasiti 2021 inawabwezela pa 40 ku Amelika na ku New Zealand, osewela anakwiya, ena akuti mtunda wautali unali kuwapulumutsa ku kuwoloka miseu yoopsa, ndipo mwezi womwewo usanathe kampani inabwezeletsa 80 kwa onse. Mpata umenewo anaumenyela nkhondo ni osewela anzako. Kuusiya n'kumathamangila kukagwila cipilala na dzanja ni kutaya cimene unapatsidwa kale.

Cinanso cofunika kucimvetsa ni Lure Module, kanthu kamene munthu amaika pa PokéStop kuti kakope ma Pokémon kwa mphindi 30. Aliyense wosewela pafupi amaona maluwa akugwa pamalopo pa mapu ake, conco kamakopanso anthu. Mu Julayi 2016 apolisi a ku O'Fallon, m'boma la Missouri, anagwila anyamata oganizilidwa kuti anali kubela osewela na mfuti, ndipo anati anagwilitsa nchito njila imeneyi kuitana anthu kumalo obisika usiku. Cikome-kome ca nkhuyu, mkati muli nyelele. Kawalala safunika kukusakila ngati angakuitane, ndipo wobwelayo amadziwika kale kuti ali na foni yabwino m'manja, mutu wawelama. Ukaona maluwa aja pamalo opanda anthu dzuwa litalowa, funsa amene wawaika na cimene afuna.

Ena adzati kampani imacenjeza, popeza gemu ikamatseguka imalemba kuti ukhale maso. Cenjezo limenelo limawelengedwa kamodzi n'kuiwalika, pamene gemu yonse inapangidwa kuti maso ako asacoke pa sikilini. Limateteza kampani kuposa mwendo wako. Akulu-akulu nawo adzati ingoletsani ana magemu amenewa. Na iwo sinigwilizana nawo, cifukwa woletsedwa amasewela mobisa, yekha, kutali na kwawo, ndipo ndiye amene amapezeka m'mavuto. Wacicepele amene adziwa kuti GPS imaphonya, kuti kamela siiyang'ana motoka, komanso kuti mamita 80 amukwanila, ali pabwino kuposa amene anangouzidwa kuti osayesa.

Conco sewela, koma gawa nchito bwino. Pamene uyenda, foni ikhale m'thumba kapena m'munsi, makutu opanda mahedifoni. Pamene ufuna kugwila kapena kuzungulitsa PokéStop, ima, msana ku khoma ngati GPS ilola, maso aone mbali zonse usanawelame. Yendani awili kapena atatu, mmodzi akhale wosayang'ana pa sikilini, ndipo muzisinthana. Pa njanji, pa mfolo wodzala madzi, m'yadi ya eni na pamalo a asilikali musapondepo kapena kulozapo kamela, ngakhale mapu aonetse cinthu cosowa bwanji. Setilaiti ili makilomita 20,200 kumwamba. Amene adziwa kuti kanjila ka kuseli kwa msika sikapitika ikakwana 19 koloko ni iwe.