“Amen” wa pa foni sindiye mtendere

Ambiri a ife timati gulu lathu la WhatsApp lili pa mtendere chifukwa palibe amene watukwana mnzake. Ife tikukana. Pakati pathu mkangano kawirikawiri umabwera utavala ulemu.

Taonani chitsanzo. Pa tchalitchi china cha kumudzi anagwirizana kuti banja lililonse lipereke metikali 200 zogulira malata. Patapita masabata atatu, mlembi analemba kuti: “Tikukumbutsa akhristu onse mwaulemu kuti ndalama ziperekedwe kwa msungichuma yekha basi.” Chikumbutso wamba chikanangotchula tsiku ndi kuchuluka kwa ndalama. Nanga “yekha basi” wabwereranji? Mawuwa akuulula kuti alipo wina amene wakhala akulandira ndalamazo, ndipo uthenga wolembedwa kwa onse ukulasa munthu mmodzi. Madzulo ake, wachiwiri kwa wapampando anaika vesi lonena za mboni zonama, osawonjezapo kanthu. Asanu ndi mmodzi anayankha “Amen” kwa mlembi, ena anayi kwa vesilo, ndipo panalibe amene anayankha konse kuwiri. Pamenepo mpingo unali utagawikana kale, ngakhale kuti aliyense ankaoneka ngati akupemphera.

Wina adzati: “Akatekista, mukufuna njoka pamene palibe. Munthu amakhala chete chifukwa mamega atha, kapena foni ili kotchajitsa kumsika.” Zimenezo nzoona, ndipo Katekisimu wa Mpingo Wakatolika, pa ndime 2477 ndi 2478, amatiletsa kuweruza mopupuluma, natilangiza kuyamba tamasulira mawu a mnzathu mokomera. Choncho chizindikiro chimodzi sichikwanira. Koma ngati munthu wayankha uthenga wa maliro m'mawa, nadumpha wa malata masana, mamega alibe mlandu. Ngati msonkhano wowerengera ndalama wasunthidwa kawiri “pa zifukwa zina”, kenako oyang'anira gulu atseka kuti azilemba iwo okha, kunena kuti zonse zili bwino nkudzinamiza.

Kuzindikira zimenezi sikutipatsa ufulu wojambula uthengawo nkutumiza kwa achibale a ku Tete kapena ku Joni. Kutero nkuwotcha nyumba imene tinangoonapo utsi. Njira ili pa Mateyo 18:15-17: poyamba kukumana awiri okha, zikakanika kuitana mboni imodzi kapena ziwiri, ndipo pomalizira pake mpingo. Gulu la pa foni limatembenuza dongosolo limeneli, pakuti limayambira pa khamu, wolakwiridwa asanagogode pakhomo la mnzake.

Tsono amene waona “yekha basi” asalembe kanthu. Apite kwa mlembi, akhale naye pamphasa, amufunse kuti ndani analandira ndalama ndi zingati. Lamulungu likudzalo, mapemphero atatha, kaundula awerengedwe pamaso pa onse, banja ndi banja. Mwina tidzapeza kuti palibe wakuba, koma agogo ena amene anapatsira ndalama wachiwiri kwa wapampando chifukwa kwa msungichuma nkutali. Tikangopitiriza kulemba “Amen”, mvula idzapeza denga lilibe malata, ndipo mabanja awiri adzakhala atasiya kupatsana moni.