Funso la m'holo si funso la pamkeka

Patchuthi chapitachi ndinapemphedwa kuthandiza ana a Fomu 3 kubwereza phunziro la Bayoloje kwathu kwa Kabudula. M'mawa ndinkakumana ndi ana oposa 80 a m'masukulu osiyanasiyana m'chipinda chimodzi, ena atakhala m'mawindo. Madzulo kunkabwera asanu ndi atatu okha, ndipo tinkakhala pamkeka pansi pa mtengo wa mango. Nkhani yowerenga inali imodzi, ndipo tsiku loyamba mafunso anganso anali amodzimodzi. Konsekonse zinandikanika. Kuchokera pamenepo ndili ndi maganizo amene ndikufuna kuwaika pamaso pa anzanga ophunzira zauphunzitsi, ngakhalenso aphunzitsi athu: nkhani ikhoza kukhala imodzi, koma funso lofunsa gulu lalikulu ndi funso lofunsa kagulu kochepa ayenera kulembedwa padera, chifukwa ntchito zawo n'zosiyana.

Nkhani yake inali ya tsamba limodzi, yonena za Jan Baptist van Helmont, wofufuza wa ku dera limene lero ndi dziko la Belgium. Iye anadzala kamtengo ka msondodzi kolemera pafupifupi makilogalamu 2 mumphika wa dothi louma lolemera makilogalamu 90, n'kumakathirira madzi okha kwa zaka 5. Atauzula, mtengowo unalemera pafupifupi makilogalamu 77, pamene dothi linali litapunguka ndi magalamu osafika 60. Iye anagamula kuti thupi lonse la mtengowo linachokera m'madzi. Zolemba zakezi zinasindikizidwa mu 1648. Lero tikudziwa kuti analondola theka: mtengo sudya dothi, koma mbali yaikulu ya kulemera kwa mtengo wouma imachokera mumpweya wa kaboni dayokisaidi umene masamba amakoka, madzi n'kuwonjezerapo gawo lawo.

Funso langa loyamba linali lakuti, "Kodi van Helmont analakwitsa pati?" M'chipinda chodzaza chija anakweza manja atatu a kutsogolo. Mmodzi anayankha bwino, ine n'kufunsa kuti, "Tamvana eti?" Onse anayankha "Eee!" ngati kwaya. Ndinatuluka ndikudziwa maganizo a mwana mmodzi yekha. Madzulo ndinasintha, n'kufunsa kagulu kaja funso losankha yankho pa mayankho anayi. Anasankha, tinamaliza m'mphindi ziwiri, kenako tinangoyang'anizana. Ndinali nditapita kudimba ndi nkhwangwa, kunkhuni ndi khasu.

Pagulu lalikulu mphunzitsi sangamve mawu a aliyense, koma angathe kuona yankho la aliyense. Ndiye ntchito ya voti ya msangamsanga. Sifuna foni kapena netiweki. Aliyense apinde pepala panayi n'kulemba zilembo zikuluzikulu A, B, C ndi D, kapena aonetse zala pachifuwa pamene mnzake wa kumbuyo sangaone. Mphunzitsi awerenge funso, apereke mphindi imodzi yoganiza mwakachetechete, kenako onse aonetse nthawi imodzi. Kukweza manja mosinthana sikuthandiza, chifukwa ana amayamba ayang'ana kumene dzanja la wanzeru wa m'kalasi lapita.

Mphamvu ya funso lotere ili m'mayankho olakwa. Lililonse liyenera kukhala ganizo limene munthu weniweni ali nalo. Tsiku lachiwiri ndinalemba pabolodi kuti: "Thumba la chimanga chouma limalemera makilogalamu 50. Kodi mbali yaikulu ya kulemeraku inachokera kuti? A, m'dothi. B, mu feteleza. C, m'madzi. D, mumpweya." Mawu akuti "chouma" ndinawaika dala. Chomera chachiwisi chimakhala ndi madzi ambiri, kotero popanda mawuwo amene wasankha C akhoza kukhala wolondola, ndipo voti singandiuze kanthu. Taonaninso kuti funsoli silitchula van Helmont. Likanafunsa kuti mtengo unalemera bwanji, akanangokopera nambala patsamba. Ndinasamutsa ganizo la m'nkhaniyo n'kuliika m'munda wa kwawo, kuti ndione ngati lalowadi.

Pafupifupi theka la chipinda linaonetsa B. Sindinadabwe. Mwana wa mlimi wa kwa Kabudula kapena ku Nsaru wakula akuona kusiyana kwa munda wothira ndi wosathira, ndipo wamva makolo akudandaula za mtengo wa feteleza chaka ndi chaka. Ena ambiri anasankha C, kutsatira van Helmont. Osankha D sanafike 10. Awa ndi ana amene angathe kulakatula tanthauzo la fotosinthesisi osaphonya liwu.

Chochita voti ikatha ndicho chimene ambiri timaphonya. Eric Mazur, mphunzitsi wa Fizikisi pa yunivesite ya Harvard, amene anatchukitsa njirayi ndipo analemba buku lake mu 1997, amatsata muyezo wosavuta. Olondola akapitirira 70 pa 100 alionse, fotokozani mwachidule n'kupitirira. Akakhala pakati pa 30 ndi 70, musaulule yankho: aliyense apeze mnzake woyankha zosiyana, akambirane mphindi ziwiri, avotenso. Akachepera 30, kukambirana kungofalitsa cholakwa, choncho muyambe mwawonjezera kanthu. Ine ndinali pa gawo lachitatuli. Ndinawapatsa masamu a kumunda kwa bambo anga: pa ekala amathira matumba awiri a feteleza, makilogalamu 100, ndipo chaka chabwino amakolola matumba 20, makilogalamu 1,000, osawerengera mapesi. Kodi 900 enawo achokera kuti? Titavotanso, B anatsala ochepa, chipinda chinagawikana pakati pa C ndi D. Apa ndiye ndinawalola kukangana awiriawiri, ndipo pa voti yachitatu ambiri anali pa D. Zonsezi zinatenga mphindi pafupifupi 15.

Koma voti ili ndi malire. Imakuuzani kuti angati ali pati, osati chifukwa chake. Pa mayankho anayi, wongolota amalondola kamodzi pa kanayi. Wina amasamukira ku D chifukwa mnzake wolankhula mokweza wanena. Ndiye chifukwa chake kagulu kochepa sikayenera kubwereza funso lomwelo. Pa anthu asanu ndi atatu, voti n'kutaya mwayi, popeza nthawi yomva chifukwa cha aliyense ilipo.

Madzulo a tsikulo ndinapita ndi mafunso atatu okha, opanda mayankho osankha. Loyamba linali lobwerera patsamba: "Ndi chiyani chimene van Helmont anayeza pasikelo, ndipo ndi chiyani chimene anangoganizira?" Zinatenga nthawi kuti aone kuti anayeza dothi ndi mtengo, koma kunena kuti zonse zachokera m'madzi kunali kungoganiza, pakuti mpweya sanauwerengere n'komwe. Lachiwiri linali lopanga: "Mutapatsidwa mbewu za nyemba, zitini ndi sikelo, mungaonetse bwanji kuti madzi okha sakwanira?" Lachitatu linali lotsutsa, ndipo silinachokere kwa ine. Mtsikana wina amene m'mawa sanayankhule anafunsa kuti, "Aphunzitsi, ngati chimanga chimachokera mumpweya, bwanji amayi amagulitsa mbuzi kuti agule yuriya?"

Funso ngati limeneli silingalowe m'zilembo zinayi, komanso ndi limene limaonetsa ngati phunziro lagwira. Ndinadziletsa kuyankha. Mary Budd Rowe, wofufuza za maphunziro a sayansi ku America, anapeza m'zaka za m'ma 1970 kuti aphunzitsi ambiri amadikira sekondi imodzi yokha akafunsa funso, ndipo kuti akadikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho a ana amatalika ndipo oyankha amachuluka. Ndinawerenga chamumtima mpaka 10. Mnyamata wina anakumbutsa anzake kuti ukatentha mulu waukulu wa mapesi pamatsala kaphulusa kodzaza m'manja. Wina anati chimanga chosowa feteleza chimachita chikasu. Pang'onopang'ono analumikiza okha: nayitulojeni wa mu yuriya amafunika pomanga masamba obiriwira, ndipo masambawo ndi amene amakoka mpweya. Feteleza ali ngati mchere m'ndiwo, wochepa pasikelo koma wosasoweka. Tinatha mphindi 40 pa mafunso atatu, ndipo aliyense analankhula kosachepera kawiri.

Kagulu nakonso kali ndi matenda ake. Koyamba, mmodzi amatha kulanda bwalo. Mankhwala ake ndi kuuza aliyense kuti alembe chiganizo chimodzi asanayambe kulankhula, kenako kuyamba ndi wofatsa. Kachiwiri, mphunzitsi amatha kusandutsa kagulu kukhala kalasi yaing'ono. Chizindikiro chake n'chosavuta: ngati mayankho onse akubwera kwa inu, palibe amene akuyankha mnzake, ndiye kuti mukuphunzitsa gulu lalikulu la anthu asanu ndi atatu.

Ndikudziwa zimene ena anganene. Silabasi ndi yaitali, mayeso a MSCE sadikira, ndipo mphindi 15 pa funso limodzi n'zambiri. Ndi zoona kuti nthawi imapita. Koma tsiku loyamba lija ndinamaliza mutu wonse m'nthawi yake, ana n'kutuluka akukhulupirirabe kuti chimanga ndi feteleza wosandulika. Kumeneko kunali kumaliza kwa ine, osati kwa iwo. Ena anganene kuti kulemba mafunso amitundu iwiri n'kuwirikiza ntchito. Ndinapeza kuti ntchito imodzi imadyetsa inzake. Zifukwa zolakwa zimene ndinamva pamkeka ndi zimene zinasanduka A, B ndi C a mawa lake, ndipo yankho lolakwa limene linapambana pa voti ndi limene linandiuza poyambira madzulo. Kumene kulibe nthawi ya kagulu kapadera, mphindi 10 zomaliza za phunziro ana atakhala anayianayi zikhoza kunyamula funso limodzi lotseguka.

Nkhaniyi si ya kusekondale kokha. Pano pakoleji timakhala m'holo m'maphunziro amene a chaka choyamba tonse timaphatikizana, kenako timakumana m'timagulu ta zokambirana. Kawirikawiri pepala la mafunso limakhala lomwelo: m'holo amayankha awiri a kutsogolo, m'kagulu timangoyerekeza mayankho n'kubalalika. Ndipo ambiri a ife tikamaliza tidzaima kutsogolo kwa makalasi odzaza, monga akhalira chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994.

Pempho langa ndi laling'ono. Pokonza phunziro lotsatira, gawani tsamba pawiri. Kumanzere lembani funso limodzi la voti, ndipo pambali pa yankho lolakwa lililonse lembani kuti ndani angalisankhe ndi chifukwa chake. Ngati simungathe kutchula chifukwa, lichotseni. Kumanja lembani mafunso atatu amene sangayankhidwe ndi chilembo chimodzi, ndipo siyani mzere wachinayi wopanda kanthu. Mzere umenewo ndi wa funso ngati la mtsikana wa mbuzi uja.